Asayimenti ya biheviyarizimu ndi konsitilakitivizimu: zitsanzo zanga zikukanika

Nangozo: Odi anthu a pagulu pano. Ndili ndi asayimenti ya sayikoloje ya maphunziro yofunika Lachisanu. Akuti tifananitse biheviyarizimu ndi konsitilakitivizimu, tiperekenso chitsanzo cha m'kalasi pa iliyonse, masamba asapitirire anayi. Ndalemba kale koma ndikawerenga sizikundigwira mtima. Tsamba loyamba ndi theka ndi la Pavlov ndi agalu ake, Watson, Skinner ndi makoswe. Kenako Piaget ndi Vygotsky. Chitsanzo choyamba ndati mphunzitsi akuloweretsa ana matebulo, onse kumabwereza pamodzi. Chachiwiri ndati mphunzitsi waika ana m'magulu kuti akambirane. Pomaliza ndati konsitilakitivizimu ndiyo yabwino chifukwa imaika mwana patsogolo. Chikusowa n'chiyani?

Jekapu: Nkhani ya khalidwe la ana ndiye yafika poipa masiku ano. Chiletsereni chikwapu ana sakuopanso mphunzitsi. Ulembe zimenezo chemwali, lekichara aliyense agwirizana nawe.

Nangozo: Achimwene, si asayimenti ya mwambo wa pasukulu ayi. Ndi maganizo awiri osiyana pa nkhani ya momwe munthu amaphunzirira.

Jekapu: Ooh. Dzina lija landisokoneza. Ndikhala chete ndizingowerenga.

Aphiri a ku Ntcheu: Koma Jekapu sanaphonye kwenikweni. Biheviyarizimu ndi kaphunzitsidwe kakale kaja: mphunzitsi kutsogolo, mwana kuloweza, akalakwa ndodo, akakhoza m'manja. Konsitilakitivizimu ndi izi zinabwera ndi silabasi yatsopano, magulu, matchati, ana kudzipezera okha. Iwe jambula tebulo la mbali ziwiri, kuno zachikale uko zamakono, malikisi watenga.

Madamu Nabanda: Nangozo, ndachongapo zimangirizo za funso lomweli zambirimbiri ndisanapume pa ntchito, ndipo yako ndikuiona m'maso ndisanaiwerenge. Vuto loyamba n'lakuti walemba zimangirizo ziwiri n'kuzilumikiza ndi sitepula. Funso likuti ufananitse. Kufananitsa ndiye kuti ufunse mbali zonse ziwiri funso limodzimodzi, uone pomwe mayankho awo asiyanira. Mbiri ya agalu a Pavlov siyankha funso lililonse la m'kalasi, ichepetse ikhale mizere iwiri.

Vuto lachiwiri ndi zitsanzo. Chimodzi ndi cha matebulo, china sunanene n'komwe kuti anawo akukambirana chiyani. Zinthu ziwiri zosiyana phunziro, zosiyana kalasi, sungazifananitse. Tenga phunziro limodzi, kalasi imodzi, ngakhale mwana mmodzi amene walakwitsa samu imodzi. Ndiye uonetse zomwe mphunzitsi wotsatira Skinner angachite, ndi zomwe wotsatira Piaget angachite.

Aphiri, za ndodozo mwamunamizira Skinner. Iye ankatsutsa chilango. Ankati chilango chimangopondereza khalidwe kwa kanthawi, wolanga akachoka limabwerera, ndipo chimene mwana amaphunzira kwenikweni ndi kuthawa kapena kuopa.

Aphiri a ku Ntcheu: Nanga ija amati negetivu rinifosimenti si chilango chimenecho Madamu? Ife tinalemba choncho pa mayeso.

Madamu Nabanda: Ngati munalemba choncho n'kukhoza, wochonga anali ndi tulo. Rinifosimenti iliyonse imachulukitsa khalidwe, chilango chimalichepetsa. Ikakhala negetivu ndiye kuti khalidwelo lachuluka chifukwa chinthu chosasangalatsa chachotsedwa. Taonani mwana amene amadana ndi masamu. Akasokosa, mphunzitsi amamutulutsa panja. Mphunzitsi akuganiza kuti walanga, koma mwana wapulumuka ku masamu, ndipo mawa asokosa msanga kuposa lero. Muyeso wake ndi umodzi: khalidwelo lachuluka kapena lachepa pambuyo pake? Ngakhale ife aphunzitsi zimatigwira. Ukakalipa phokoso n'kuleka kwa mphindi ziwiri, kukalipa kwako kwalimbikitsidwa, ndipo pofika temu yachitatu mawu atha.

Mayi a Tadala: Hahaha Madamu mukundinena ine. Mawu anga anapita mu Febuluwale.

Nangozo: Ndamva Madamu. Koma samu imodzi ingadzaze masamba anayi? Mungandipatseko chitsanzo choti ndione njira yake, ine ndikapanga changa.

Madamu Nabanda: Tenga kuchotsera kobwereka. Mwana wapatsidwa 52 − 27, walemba 35. Yankho loona ndi 25. Usanapitirire, tandiuza, 35 ameneyu wachokera kuti?

Nangozo: Waiwala kuchepetsa 5 atabwereka? 12 kuchotsa 7 ndi 5, kenako 5 kuchotsa 2 ndi 3.

Wa Masamu: Zikhoza kutero, koma kawirikawiri sanabwereke n'komwe. Waona 2 pamwamba, 7 pansi, wangoti 7 kuchotsa 2 ndi 5. Pa samu iyi njira ziwiri zolakwikazo zikupereka yankho lofanana, ndiye sungadziwe. Mupatse 43 − 17. Wobwereka n'kuiwala kuchepetsa alemba 36, wotembenuza manambala alemba 34. Yankho loona 26.

Madamu Nabanda: Eya, Wa Masamu wathandiza. Tinene kuti mwana wathu walemba 34, ndiye kuti ndi wotembenuza. Vuto limeneli ndi lodziwika m'mayiko ambiri, Brown ndi Burton analilemba mu 1978 pofufuza zolakwa za ana pa kuchotsera. Tsopano funso lako lenileni ndi ili: cholakwachi n'chiyani?

Kwa wa biheviyarizimu, za m'mutu mwa mwana sitiziona, ndiye sitiyambira kumeneko. Chimene tikuona n'chakuti akaona manambala awiri oimikidwa, amachotsa yaing'ono ku yaikulu. Khalidwe limeneli linamera bwanji? Kwa miyezi yambiri ankapatsidwa masamu ngati 57 − 23, momwe nambala ya pamwamba imakhala yaikulu nthawi zonse, ndipo nthawi iliyonse ankalandira chongi. Tinalilimbikitsa tokha. Mankhwala ake ndi kudula ntchitoyo m'tizidutswa. Tsiku loyamba ana sachotsera chilichonse. Uwapatsa masamu khumi osakaniza, ntchito yawo n'kungozungulitsa pomwe nambala ya pamwamba yachepa. Akakhoza asanu ndi anayi mwa khumi, mupita pa sitepe yachiwiri: pa 52 − 27 paja, kudula 5 n'kulemba 4, kuika 1 pambali pa 2, basi. Kenako kuchotsera mbali ya kumanja kokha. Kenako samu yonse. Pa sitepe iliyonse mwana aliyense ayankhe yekha, ndipo adziwe pompopompo ngati wakhoza. Poyamba uyamikira yankho lililonse lokhoza, akayamba kuzolowera uyamikira mwa apo ndi apo, chifukwa khalidwe lolimbikitsidwa mwa apo ndi apo silifa msanga.

Kwa wa konsitilakitivizimu, 34 uja si chizolowezi choipa chabe. Ndi lamulo limene mwana wadzipangira, ndipo lili ndi nzeru zake: anamva kuti sungachotse chachikulu ku chaching'ono, ndiponso akuona 43 ngati 4 ndi 3 oyandikana, osati makumi anayi ndi zitatu. Ukangomupatsa njira yatsopano, lamulo lakale likhalabe pansi, lidzatulukira tsiku la mayeso. Ndiye uyenera kulipangitsa kuti limukhumudwitse yekha. Mupatse 21 − 19 papepala. Ndi lamulo lake alemba 18. Usanene kanthu. Mufunse pakamwa: uli ndi mango 21, wagulitsa 19, atsala angati? Mwana aliyense wogulitsako pamsika anena kuti awiri. Muonetse pepala lake. Apa 18, apa 2, zoona ndi ziti? Kukhumudwa kumeneko ndiko Piaget ankati kumayambitsa kusintha kwa maganizo. Kenako mupatse timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, mitolo iwiri ndi kamtengo kamodzi, umuuze akupatse 19. Akupatsa mtolo umodzi, n'kuima. Tomwe tatsala ndi mtolo ndi kamtengo kamodzi, iwe ukufuna tisanu ndi tinayi. Dikira. Amasula yekha mtolowo. Kumasulako ndiye kubwereka kuja, ndipo mukabwerera pa pepala, kudula 2 n'kulemba 1 kuli ndi tanthauzo.

Nangozo: Iii Madamu, apa ndiye maso atseguka. Ndiye kuti ndime zanga zisakhale "Skinner" kenako "Piaget", koma mafunso: kuphunzira n'chiyani, cholakwa n'chiyani, mphunzitsi amatani?

Madamu Nabanda: Eya, uwonjezere lachinayi limene ambiri amaiwala: tidziwa bwanji kuti waphunzira? Wa Skinner awerenga, masamu angati mwa khumi, mwachangu bwanji, ndipo sabata yamawa akukhozabe? Wa Piaget afunsa mwana kuti afotokoze chifukwa chake 5 wasanduka 4, kapena amupatsa samu ya maonekedwe achilendo. Ndime iliyonse ikhale ndi mbali zonse ziwiri, ndipo mwana wa 34 uja azionekamo.

Aphiri a ku Ntcheu: Komabe chitsanzo cha Nangozo cha matebulo chinali bwino pa biheviyarizimu. Kubwerezabwereza ndi komweko.

Wa Masamu: Kubwereza kulipo, koma kwa kwaya kuja n'kofooka ngakhale pa muyeso wa Skinner yemweyo. Ana 90 akufuula "sikisi thayimuzi seveni", amene akudziwa ndi khumi akutsogolo, enawo akungotsatira nyimbo mochedwa pang'ono. Mphunzitsi akati mwakhoza, walimbikitsa chiyani mwa mwana wakumbuyo? Kutsegula pakamwa. Skinner mwiniwake chimene chinamuyambitsa za maphunziro ndi kalasi ya masamu ya mwana wake wamkazi imene anakaiona mu 1953. Anaona ana onse akupatsidwa ntchito yofanana, ena amaliza kale akungokhala, ena akuvutika, ndipo makope akukachongedwa mwana ataiwala kale zomwe analemba. N'chifukwa chake anapanga makina ophunzitsira, oti mwana aziyenda pa liwiro lake n'kumaona yankho nthawi yomweyo. Akanalowa m'kalasi ya kwaya sakanavomera kuti ndi zake.

Madamu Nabanda: Chimodzimodzinso magulu. Kuika ana asanu ndi atatu mozungulira tchati, wanzeru mmodzi akulemba ena akuyang'ana ntchentche, si konsitilakitivizimu. Ndi mipando yasintha malo. Funso n'lakuti maganizo amene mwana anabwera nawo atulutsidwa poyera ndipo ayesedwa? Zimenezi zikhoza kuchitika mwana ali yekha ndi timitengo take.

Mayi a Tadala: Ine ndilankhuleko ngati munthu wa choko m'manja. Kalasi yanga ili ndi ana 112 m'kaundula, tsiku labwino amabwera 95. Za timitengozo ndinayesa, osati zongomva. Ndinauza mwana aliyense abwere ndi timitengo 50 ndi tizingwe ta mlaza. Theka anabweretsa. Piriyodi yoyamba yonse inathera kumanga mitolo, ina ya timitengo 9, ina 11, anyamata akumbuyo akulasana nato. Tsiku lachiwiri zinayenda, ndipo ndikuvomereza, panali kamtsikana kena kachete kamene kanamasula mtolo n'kufuula kuti "aaa, ndiye kubwereka kuja!" Sindidzaiwala nkhope yake. Koma ndinafika pa magulu anayi okha mwa khumi ndi awiri belu lisanalire. Enawo anamanga chiyani m'mitu mwawo, kaya. Ndiye musamangoti iyi ndi yabwino. Ya Skinner nayonso, yankho la pompopompo kwa ana 95 ndilipereka bwanji ndi bolopeni imodzi yofiira?

Wa Masamu: Masileti, Mayi. Kapena tizidutswa ta katoni. Samu imodzi pabolodi, aliyense alembe, muwerenge mpaka atatu, onse akweze. Mumaona kalasi yonse kamodzi.

Mayi a Tadala: Amakopera kwa oyandikana nawo asanakweze. Koma inde, n'kwabwinoko kusiyana ndi kunyamula makope kupita nawo kunyumba.

Nangozo: Mayi a Tadala, ndingagwiritse ntchito nkhani yanuyi pa gawo la zofooka? Sinditchula dzina.

Mayi a Tadala: Tenga mwanangu. Ulembenso kuti mitolo imafunika kumangiratu dzulo lake, ndi ana a kalasi yaikulu.

Wa Masamu: Ine ndili ndi dandaulo ndi mathero a chimangirizo cha Nangozo, aja akuti konsitilakitivizimu yapambana. Aliyense amamaliza choncho chifukwa akuganiza kuti ndi zomwe lekichara akufuna. Ine ndimalandira ana ku Fomu 1 amene akuti anadzipezera okha, koma 7 × 8 akujambula timizere kumbuyo kwa kope. Pofika pa samu yeniyeni mutu watopa kale. Kirschner, Sweller ndi Clark analemba mu 2006 kuti munthu amene akungoyamba kumene phunziro amaphunzira bwino akaonetsedwa njira momveka ndi zitsanzo zosovedwa kale, kusiyana ndi kumusiya kuti afufuze yekha. Uikemo zimenezo.

Madamu Nabanda: Aikemo, koma mosamala. Anthu atatu amenewo si a biheviyarizimu. Mfundo yawo yagona pa kuchepa kwa zinthu zimene ubongo ungagwire nthawi imodzi, zomwe ndi za m'mutu, kumene Skinner sankalowako. Ukawaika m'gulu la Skinner wochonga wodziwa akudula malikisi. Ndiponso pali kusiyana pakati pa konsitilakitivizimu ngati kufotokoza momwe munthu amaphunzirira, ndi njira yophunzitsira yongomusiya mwana. Mwana amamanga tanthauzo lake ngakhale iwe ukulankhula kutsogolo. 34 uja mwana anamumanga pamene mphunzitsi ankaphunzitsa bwinobwino pabolodi. Ndipo taonani chitsanzo changa chija: 21 − 19 anasankha ndani? Mphunzitsi. Anaisankha dala chifukwa yankho lolakwika ndi loona zatalikirana kwambiri moti mwana sangalephere kuona. Pa 52 − 27, 35 ndi 25 zayandikana, mwana sadabwa. Kumeneko si kumusiya mwana.

Wa Masamu: Pamenepo ndavomera theka. Koma mphunzitsi wodziwa kusankha samu ngati imeneyo ndi mmodzi mwa angati? Njira ya masitepe ngakhale mphunzitsi wongoyamba akhoza kuitsata.

Madamu Nabanda: Akhoza, koma nayo ili ndi dzenje lake. Ukachititsa masamu obwereka okhaokha sabata yonse, Lolemba lotsatira upereke 57 − 23, uona ana akubwereka pomwe sipafunika. Adula 5 kukhala 4, 17 kuchotsa 3 ndi 14, ndiye ena alemba 214, ena 24. Kenako ubweretse 503 − 8. Mwana wa masitepe afika pa 0 n'kuima, chifukwa sitepe yobwereka kwa amene alibe kanthu sanaiphunzire. Wa Skinner ayankha kuti vuto ndi pulogalamu yako, sunasakanize zitsanzo ndipo sunaphunzitse sitepe ya ziro. Wa Piaget ayankha kuti masitepe sadzatha, koma mwana womvetsa mitolo adziwa kuti amasule mtolo waukulu wa zana kaye. Nangozo, mkangano umenewu ndiwo mtima wa chimangirizo chako. Ulembe mayankho onse awiri mwachilungamo.

Jekapu: Ndabweranso. Funso laling'ono. Mu manotsi a mng'ono wanga ndaona mawu oti akomodeshoni pansi pa Piaget. Zikukhudzana bwanji ndi malo ogona?

Mayi a Tadala: Jekapu iwe udzandipha ndi phwete.

Madamu Nabanda: Si za hositelo bambo. Mwana akatenga samu yatsopano n'kuikankhira m'lamulo lake lakale, monga anachitira potembenuza 3 ndi 7, Piaget ankati asimileshoni. Lamulolo likakanika, mwana n'kulisintha kuti ligwirizane ndi zimene waona, monga pomasula mtolo paja, ndiyo akomodeshoni. Nangozo, mawu awiriwa uwaike pa chitsanzo pomwepo, osati pa ndime yawoyawo ya matanthauzo.

Nangozo: Nanga Vygotsky alowa pati? Ndinalemba kuti ndiye anayambitsa sikafodingi, thandizo lija lomapatsa mwana n'kumalichotsa pang'onopang'ono.

Madamu Nabanda: Fufuta msanga. Vygotsky anamwalira mu 1934, mawu amenewo anawabweretsa Wood, Bruner ndi Ross mu 1976. Chake cha Vygotsky ndi mpata uja wa pakati pa zimene mwana angachite yekha ndi zimene angachite wina wodziwa akamuthandiza. Pa chitsanzo chathu, mwana waima ndi mtolo m'manja, mphindi yatha, sakumasula. Wotsatira Piaget kwambiri akhoza kunena kuti mwina sanakhwime, tidikire. Wa Vygotsky afunsa kuti, mkati mwa mtolowo muli timitengo tingati? Kapena amukhazika ndi mnzake amene wamasula kale. Ndi masamba anayi, ndime imodzi yokwanira. Koma uonetse kuti awiriwa sanali ndi maganizo amodzi, anthu amangowaunjika pamodzi ngati mapasa chifukwa onse anabadwa mu 1896.

Mayi a Tadala: Ndifunseko changa. Njira imene timaphunzitsira kuwerenga m'makalasi aang'onomu, yoti mphunzitsi ayambe, kenako tichitire limodzi, kenako ana okha, ili mbali iti? Ku maphunziro ena anatiuza kuti ndi yoika mwana patsogolo, koma ine ndikamaichita ndimamva ngati ndi kubwereza komwe kuja.

Aphiri a ku Ntcheu: Biheviyarizimu yeniyeni imeneyo. Kuonetsa, kutsanzira, kuyamikira.

Wa Masamu: Ayi Aphiri, kuchotsa thandizo pang'onopang'ono mpaka mwana aime yekha ndi sikafodingi imene Madamu angoitchula.

Aphiri a ku Ntcheu: Nawonso a Skinner amachepetsa thandizo pang'onopang'ono. Madamu anena okha pa za kuyamikira mwa apo ndi apo.

Madamu Nabanda: Kuchepetsa kuyamikira ndi kuchepetsa thandizo ndi zinthu ziwiri Aphiri, komabe n'zoona kuti a biheviyarizimu amachita zonse ziwiri. Ine ndikanaima pawindo la kalasi ya Mayi a Tadala sindikanatha kunena. Ndikanadikira mwana awerenge "bala" pomwe palembedwa "dala", ndione zimene achite. Akangokonza n'kubwerezetsa katatu, ndi mbali ina. Akafuna kudziwa kuti mwanayo akuona chiyani pa chilembocho, ndi mbali inayo.

Mayi a Tadala: Ndimachita zonse ziwiri, kutengera kuti nthawi ili bwanji ndiponso phala lapsa kapena ayi.

Aphiri a ku Ntcheu: Ine sindinagonjebe pa nkhaniyi. Tidzaipitiriza.

Nangozo: Ndakonzanso pulani. Chiyambi chachifupi chonena mbali imene ndaima. Kenako mwana ndi samu yake yolakwika. Kenako mafunso anayi aja, lililonse mbali zonse ziwiri. Kenako zofooka, 503 − 8 mbali iyi, kalasi ya ana 95 mbali iyo. Koma ndikuopa kukopera chitsanzo cha Madamu ndendende. Ndikuganiza zotenga mafulakishoni, mwana amene akuti 1/8 ndi yaikulu kuposa 1/4 chifukwa 8 ndi wamkulu. Ndinakumana naye pa tichingi pulakitisi.

Wa Masamu: Chabwino kwambiri chimenecho, ndipo n'chako. Pomukhumudwitsa usayambe ndi 1/8 ndi 1/4. Mufunse ngati akufuna kugawana mpukutu wa buledi ndi mnzake mmodzi kapena ndi kalasi yonse, kenako alembe gawo lake pa njira zonse ziwiri.

Madamu Nabanda: Ndipo mbali ya Skinner usaipeputse kuti inayo iwale. Ulembe masitepe enieni: ayamba ndi mafulakishoni ati, akhoze angati asanapitirire, yankho alilandira bwanji. Ukaika 2/3 ndi 3/8 msanga, lamulo loti nambala ya pansi ikakula gawo lachepa limupatsa yankho lokhoza pa chifukwa cholakwika, ndiye pa 7/8 ndi 1/4 agwa. Ganizira kuti zimenezo uziika pa sitepe iti.

Nangozo: Ndiye poti pamapeto ndisanene kuti ina yapambana, ndinene kuti zonse ndi zofunika?

Madamu Nabanda: Ayi, chiganizo chimenecho ndachiwerenga kokwanira moyo wanga wonse. Sankha. Unene kuti pa mwana uyu, pa samu iyi, ungayambe ndi chiyani, chinacho chibwera liti, ndipo ungaone chiyani m'kope mwake chimene chingakusinthe maganizo.

Wa Masamu: Ine ndingayambe ndi kuonetsa njira, buledi pambuyo.

Madamu Nabanda: Ine buledi poyamba. Nangozo asankha yekha.

Nangozo: Ndilemba usiku uno magetsi akapanda kuzima. Madamu, ndingakutumizireni ndime ya masitepeyo mawa m'mawa muione? Ndi imene ndikuikayikira.

Madamu Nabanda: Tumiza isanakwane 9, ndikupita ku maliro kumudzi.